Chithunzi cha kuntchito pa Status, kaundula akuonekera patebulo

Tiyamike, Bangula

Akuluakulu ndi anzanga a pagulu lino, ndikupempha nzeru pa nkhani imene yatigwera kuno. Ndili pa intenishipu pamodzi ndi anzanga atatu ku bungwe lina limene likulemba mabanja oti azilandira ndalama kudzera pa foni, makamaka amene anasamuka m'midzi ya m'mbali mwa Shire madzi atasefukira. Lachiwiri masana mnzathu wina, yemwenso ndi wophunzira ntchito, anadzijambula atakhala patebulo lolemberapo anthu, ndipo anaika chithunzicho pa Status ya WhatsApp ndi mawu oti ntchito ikuyenda bwino. Patsogolo pake panali pepala la kaundula lotsegula. Munthu akangoyang'ana mothamanga sawerenga kanthu, koma akachikulitsa ndi zala, mizere 6 ya pamwamba ikuwerengeka bwinobwino: dzina la mutu wa banja, mudzi, nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya foni, ndiponso danga limene timachonga ngati pakhomopo pali wodwala matenda okhalitsa. Ine ndinazindikira usiku ndipo ndinamuimbira, iye n'kuchichotsa nthawi yomweyo. Tsopano akutipempha kuti tisawauze otiyang'anira, poti chithunzi chinachoka ndipo palibe amene wadandaula. Kodi nkhaniyi yathadi pamenepa?

Zuze, Nchalo

Achemwali, ine ndikuona ngati mukuikulitsa nkhani. Status imazimiririka yokha pakatha maola 24, ndipo mnzanuyo sanadikire n'komwe maolawo. Amene anaona ndi abale ndi anzake okha, ndipo ndani ali ndi nthawi yokulitsa chithunzi cha munthu kuti awerenge pepala la patebulo? Muuzeni kuti ulendo wina aziphimba pepalalo ndi kachithunzi ka nkhope yoseka asanatumize, basi. Kumuneneza kwa bwana ndi kumuwonongera kalata ya umboni imene akuivutikira padzuwa la kunoli.

Bambo Alufandika, Chikwawa boma

A Zuze, pa za kalata ya umboni ndakumvani, ndipo mantha a mnyamatayo ndi omveka. Koma kuti nkhaniyi yatha, ayi, sindikuvomereza. Ndagwira ntchito yosunga kaundula wa olandira thandizo kuyambira nthawi ya madzi osefukira a 2015, ndipo chimene ndingakuuzeni ndi chakuti kuchotsa chithunzi pa Status kumachotsa pamalo amodzi pokha. Aliyense amene anachiona anali ndi mwayi wochijambulanso pa foni yake, ndipo WhatsApp simuuza mwini Status kuti wina wachita zimenezo. Ngakhale mndandanda wa oona suuza zoona zonse, chifukwa munthu amene anazimitsa Read receipts amaona popanda dzina lake kuonekera.

Tsopano tiyeni tione chimene chili m'mizere 6 ija, chifukwa pamenepa ndi pamene pali nkhani. Dzina, nambala ya foni ndi nambala ya chiphaso zikakhala pamodzi, ndiye zonse zimene wakuba wa pa foni amafuna. Amaimbira mayi wa kumudzi, n'kumutchula dzina lake lonse, mudzi wake ndi nambala ya chiphaso chake, kenako n'kunena kuti ndi wa ku bungwe ndipo ndalama zatsekeka, choncho atchule nambala yake yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba kuti azitsegule. Mayi uja sangakayike, chifukwa woimbayo akudziwa zinthu zimene iye anauza alembi okha. Chachiwiri ndi chapafupi kwambiri: wina wa katapila amene ali ndi ngongole ndi banja limodzi mwa mabanjawo akaona dzina pa mndandanda, tsiku lolandira amakafika pakhomo ndalama zisanagule ngakhale chigoba cha chimanga. Chachitatu ndi danga la matenda okhalitsa lija. Papepala sipanalembedwe dzina la matenda, koma tonse tikudziwa chimene anthu a m'mudzi amaganiza akamva mawu amenewo.

Chifukwa chake otiyang'anira ayenera kudziwa lero, osati kuti mnyamatayo alangidwe, koma kuti mabanja 6 aja achenjezedwe asanaimbiridwe ndi munthu wachinyengo. Wophunzira ntchito alibe mphamvu yochita zimenezo payekha.

Fatsani, Nsanje

Ine nkhani imeneyi imandipweteka mwa njira ina. Mabungwe ambiri amatiletsa kujambula, koma tikamafunsira ntchito amafuna umboni woti tinagwirapo ntchito m'midzi. Mnzanga wina analembedwa ntchito chifukwa tsamba lake la Facebook linali lodzaza ndi zithunzi za kumisasa ya Namondwe Freddy mu 2023. Ife amene timamvera malamulo tikutsala m'mbuyo. Kodi si njira chabe yoti mabwana okha ndiwo azionekera?

Mayi Esinati, Ngabu

A Fatsani, funso la Tiyamike si loletsa kujambula, koma dandaulo lanu ndi loona ndithu, ndipo ena aliyankha. Ine ndikufuna kuwonjezera mbali imene a Zuze aiphonya, yoti chinsinsi chimatha kuululika popanda dzina ngakhale chithunzi. Ndine namwino, ndipo ophunzira amabwera kwa ife chaka chilichonse. Wophunzira wina pa chipatala chimene ndinkagwirako kale analemba pa Facebook mawu okhaokha, oti tsiku limenelo waphunzira kutsuka bala la bambo wina wolumidwa ndi ng'ona akuwedza, ndipo kuti balalo likuchedwa kupola chifukwa bamboyo anasiya kumwa ma ARV. Sanatchule dzina, mudzi kapena chipatala, ndipo iye ankaona ngati wasamala mokwanira. Koma kwathu kuno munthu akagwidwa ndi ng'ona n'kupulumuka, dooko lonse limadziwa, msika umadziwa, a kabaza amene anamunyamula amadziwa. Mwezi umenewo munthu woteroyo anali mmodzi yekha m'dera lonselo. Chimene anthu sankadziwa ndi za mankhwala zija, ndipo anazimva kudzera kwa wophunzirayo. Akazi awo a bamboyo anabwera kudzafunsa kuti ndani wapereka chilolezo cholengeza za m'nyumba mwawo, ndipo panalibe yankho loti tiwapatse.

Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za mmene munthu alili m'magazi popanda chilolezo chake, ndipo silinena kuti wophunzira ndi wosiyana ndi wolembedwa ntchito. Kuyambira nthawi imeneyo ndimauza ophunzira kuti asanalembe kanthu adzifunse kuti, kodi mlongo wake wa wodwalayu atawerenga zimenezi angamuzindikire? Ku Lilongwe mwina sangamuzindikire, koma ku Ngabu, ku Makhanga kapena ku Tengani yankho nthawi zambiri limakhala inde. Chimodzimodzinso chithunzi cha mzere wa anthu pakhonde: ngati aliyense akudziwa kuti khomo limenelo ndi lolandirirapo mankhwala otalikitsa moyo, nsalu imene mayi wavala ndi njinga imene yatsamira pamtengo zikukwanira kumutchula, ngakhale nkhope itabisika.

Zuze, Nchalo

Mayi, nkhani ya ng'onayo yandigwira mtima, ndipo pamenepo ndagonja. Koma pa kuphimba ndikuumirirabe. Ngati pepala laphimbidwa lonse moti palibe chilembo chooneka, cholakwa chili pati? Mabungwe enieniwo amachita zomwezo m'malipoti awo.

Bambo Alufandika, Chikwawa boma

Mukunena zoona pang'ono, achimwene. Chinthu chophimbidwa ndi mtundu wolimba, wosaonekera mkati, sichiwerengeka pa chithunzi chimene chatumizidwacho. Koma pali mavuto awiri. Loyamba ndi lakuti ambiri amaphimba ndi cholembera cha pa foni chimene inki yake ndi yopyapyala, ndipo munthu akawonjezera kuwala kwa chithunzicho zilembo zimatulukanso. Lachiwiri, limene ndi lalikulu, ndi lakuti chophimbidwacho ndi chachiwiri. Choyamba chija, chowerengeka bwino, chidakali m'foni.

Ndiloleni ndifotokoze malo amene chithunzi cha mnzake wa Tiyamike chingakhale pakali pano, poganiza kuti foni yake ndi ya Android monga mafoni ambiri kuno. Chili m'malo osungira zithunzi za kamera. Akachifufuta pamenepo, mafoni ambiri sachitaya, koma amachisunga mu Trash kapena Recycle bin kwa masiku 30. Ngati Google Photos ndi yotsegula ndipo Backup ndi yoyatsa, mwina chinakwera kale pa intaneti, ndipo chikafufutidwa kumeneko chimakhalabe mu Bin kwa masiku 60 pokhapokha munthu atalowamo n'kuchichotseratu. Ngati anachitumizako kwa mnzake kapena ku gulu la a pabanja, chinalowa m'mafoni a anthu amenewo, ndipo Delete for everyone imagwira ntchito kwa masiku awiri okha, komanso siingabweze chimene wina wasunga kale kwina. Ndiye taganizirani kuti foni yomweyo madzulo imakasiyidwa pa shopu yotchajira pamsika magetsi akazima, imabwerekedwa ndi mng'ono wake kuti aonere mpira, ndipo ikawonongeka imapita kwa wokonza yemwe amapempha pasiwedi.

Tiyamike, mnzanuyo achite izi motsatana. Asanafufute chilichonse, alembe papepala nthawi imene anaika chithunzi, nthawi imene anachichotsa, anthu amene akukumbukira kuti anaona, ndiponso manambala a mizere ya kaundula imene ikuoneka, osakoperanso maina. Kenako apite kwa womuyang'anira ndi foni m'manja n'kumuonetsa chithunzicho pamaso, osachitumiza pa gulu la kuofesi, chifukwa kutero ndi kuchichulukitsa m'mafoni ena khumi. Womuyang'anira akaona n'kulemba zimene akufuna, afufutire pamodzi m'malo onse ndatchulawa. Kufulumira kuli ndi chifukwa cha lamulonso: lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, limapatsa bungwe maola 72 kuti lidziwitse a MACRA likazindikira kuti uthenga wa anthu watuluka mosayenera. Kuweruza ngati nkhaniyi ikufika pamenepo ndi udindo wa bungwe, osati wa ophunzira ntchito anayi amene agwirizana kukhala chete.

Tiyamike, Bangula

Zikomo bambo. Ndamuwerengera zonsezi, ndipo titayang'ana tapeza kuti Backup inalidi yoyatsa. Koma potsegula Google Photos tapezamo china chimene chandidetsa nkhawa kuposa choyamba chija. Muli zithunzi zambiri za ziphaso za unzika za anthu, kutsogolo ndi kumbuyo. Si iye yekha, ngakhale m'foni mwanga zilimo. Tabuleti ya bungwe ikatha moto kumudzi, amatiuza kuti tijambule ziphaso ndi mafoni athu n'kutumiza pa WhatsApp kwa amene amalowetsa maina mu kompyuta kuofesi. Takhala tikuchita zimenezi kuyambira pamene tinayamba, ndipo palibe anatiuzapo zofufuta.

Bambo Thomu, East Bank

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndiyankhulepo ngati mmodzi wa anthu amene mumawalembawo. Ndili mu komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo ndine amene ndimaitana anthu kuti abwere ndi ziphaso zawo pansi pa mtengo. Ana anga, dziwani kuti munthu amene nyumba yake yapita ndi madzi sakana chilichonse chimene wovala malaya a bungwe wanena. Mukati tikujambuleni, amavomera. Mukati gwirani thumba la ufa mumwetulire, amamwetulira. Si kuti wakondwa, koma akuopa kuti akakana dzina lake lichotsedwa. Choncho mukamati anavomera yekha, muzikumbukira kuti anavomera ali pamzere, thandizo asanalandire. Mayi wina wa m'mudzi mwathu anauzidwa ndi mwana wake wa ku Blantyre kuti wamuona pa Facebook atakhala pamphasa mu msasa, mwana ali kubere, ndipo mpaka lero mayiyo sabweranso ku misonkhano ya mabungwe. Amene anaika chithunzicho anali mtsikana waulemu kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti sankafuna kunyoza munthu.

Za ziphasozo zandidabwitsa. Ine ndimawauza anthu kuti chiphaso chawo chikupita ku ofesi. Sindinkadziwa kuti chikugona m'thumba la mwana wasukulu.

Fatsani, Nsanje

Bambo Thomu, mawu anu ndawamva ndipo ndachita nawo manyazi. Komabe funso langa lija silinayankhidwe. Tsono umboni wa ntchito tiziutenga kuti?

Mayi Esinati, Ngabu

Umboni umene olemba ntchito amaukhulupirira ndi kalata ya amene anakuyang'anirani ndi nambala yake ya foni, a Fatsani, ndipo ine ndikakhala pa gulu lofunsa mafunso, wophunzira amene tsamba lake ladzaza ndi nkhope za odwala ndimamuopa. Ngati mukufuna chithunzi, jambulitsani panja pa ofesi pafupi ndi chikwangwani, kapena ndi anzanu ogwira nawo ntchito amene avomera, patebulo palibe pepala, pakhoma palibe mndandanda, kompyuta ili yotseka. Musanatumize, chikulitseni ndipo muyang'ane ngodya zonse zinayi, chifukwa zoopsa sizikhala pakati pa chithunzi, zimakhala m'mphepete ndi kumbuyo. Njira ina ndi kudikira kuti bungwe liike chithunzi pa tsamba lake, inu n'kugawa chomwecho. Fomu ya chilolezo imene munthu amasaina kapena kudinda chala imapereka chilolezo kwa bungwe pa ntchito imene yalembedwa pa fomupo. Siipereka chilolezo kwa inu kuti mumuike pa tsamba lanu, ndipo akakhala mwana, wovomera ndi kholo kapena womulera, osati mwanayo.

Bambo Alufandika, Chikwawa boma

Tiyamike, zimene mwapezazo ndi zazikulu kuposa Status ija, ndipo mlandu wake si wanu nokha. Chiphaso cha unzika chili ndi kachizindikiro ka QR kamene kamasunga dzina, nambala ndi zina za mwini wake, moti chithunzi chooneka bwino cha mbali zonse ziwiri chili pafupifupi ngati chiphaso chenichenicho m'manja mwa munthu wachinyengo, makamaka poti kulembetsa simukhadi kumadalira chiphaso chomwecho. Pali kanthu kenanso kamene ambiri sakadziwa. Ngati kamera ya foni inaloledwa kulemba malo, chithunzi chilichonse chimasunga mkati mwake malo enieni amene chinajambulidwa. WhatsApp imachotsa zimenezi mukatumiza ngati chithunzi wamba, koma mukatumiza ngati Document, monga ambiri amachitira pofuna kuti zilembo zisafufutike, zonse zimapita momwemo. Ndiye kuti wolandira ali ndi chiphaso cha mayi uja pamodzi ndi malo a khomo lake.

Njira yoyenera ndi yoti zithunzi zotere zijambulidwe mkati mwa pulogalamu yolembera, monga KoboCollect kapena ODK Collect, pa chipangizo cha bungwe, chifukwa kumeneko chithunzi chimamangirizidwa ku fomu yake ndipo sichisakanikirana ndi zithunzi za ukwati ndi za kutchalitchi. Tabuleti ikatha moto, yankho ndi batire yapadera kapena fomu ya papepala yosungidwa mu envulopu, osati foni ya wophunzira. Koma ndikudziwa mmene zimakhalira munthu uli ku tsidya, bwato likudikira, anthu mazana ali padzuwa, ndipo bwana akuimba kuti maina afike lero. Ngati mwakakamizika, pemphani kuti lamulolo alilembe mu uthenga, zimitsani Backup musanajambule, tumizani kwa munthu mmodzi wotchulidwa osati pa gulu, ndipo akatsimikiza kuti walandira, fufutani tsiku lomwelo m'malo onse, kuphatikizapo mu zokambirana za WhatsApp zomwezo.

Zuze, Nchalo

Apa ndiye pavuta, bambo. Mukuti apite akanene za Status, koma akanena, nkhani ya ziphaso itulukanso, ndipo amene analamula kujambula ziphaso ndi yemweyo amene akukamuuzayo. Munthu wamkulu sadziimba mlandu yekha. Chimene ndikuona ine ndi chakuti adzakankhira zonse kwa anawa, n'kunena kuti iye sanatume munthu. Kodi si bwino kuti afufute zonse mwakachetechete, aliyense apitirize ntchito?

Mayi Esinati, Ngabu

Kufufuta mwakachetechete kungateteze ophunzirawo, koma sikuchenjeza mabanja aja, ndipo madzi akatayika saoleka. Komanso ngati zithunzi zina sizinalowetsedwe mu kompyuta, kuzifufuta mosafunsa kungachititse kuti banja lina lisalandire ndalama. Ine ndikanati apite onse anayi pamodzi, ndipo alankhule ngati opempha malangizo a mmene angachotsere zithunzizo, osati ngati odzaimba munthu mlandu. Mauthenga amene anawatuma kujambula asawafufute.

Bambo Alufandika, Chikwawa boma

Ndikugwirizana ndi mayi, ngakhale sindingalonjeze kuti ziyenda bwino, chifukwa ndaonapo mabwana amene anathokoza ndiponso ena amene anakwiya. Mabungwe ambiri ali ndi munthu wina wosiyana ndi wokuyang'anirani amene amaona za chitetezo cha olandira thandizo kapena za kaundula, ndipo dzina lake limapezeka m'pepala la malamulo limene munasaina poyamba ntchito. Mukaona kuti wokuyang'aniraniyo akufuna kuikwirira nkhani, pitani kwa ameneyo. Ndipo pepala munasainalo muliwerengenso, chifukwa lonjezo losunga chinsinsi nthawi zambiri silitha tsiku limene intenishipu yatha.

Tiyamike, Bangula

Tapita m'mawa uno, atatu mwa ife, chifukwa wachinayi wakana ndipo akuti zithunzi za m'foni mwake azisamala yekha. Otiyang'anira anaona chithunzi cha Status, analemba mizere ija, ndipo atuma uthenga kwa a komiti ya m'mudzi kuti auze mabanja 6 aja kuti bungwe silidzawafunsa nambala yachinsinsi pa foni. Mnzathu uja sanachotsedwe, koma wauzidwa kuti alembe lipoti. Pa za ziphaso anangoti tisafufute kaye mpaka afunse ku likulu, ndipo sananene tsiku. Pakali pano tazimitsa Backup ndipo taika pasiwedi yatsopano, koma zithunzizo zidakali m'mafoni mwathu, ndipo Lolemba tikupita kukalemba midzi ina ndi tabuleti yomwe ija. Bambo Alufandika, Lolembalo akatiuzanso kuti tijambule ndi mafoni athu likulu lisanayankhe, tikane kapena tichite monga munafotokozera muja?

Bambo Thomu, East Bank

Podikira kuti a Alufandika ayankhe, ine ndipemphe chimodzi. Ngati mudzajambule ndi mafoni anu, muyambe mwawauza a komiti ya kumeneko, kuti iwo akauze anthu zoona za kumene chiphaso chawo chikupita, ndipo amene sakufuna alembedwe papepala.